Makina odulira makiyi akaima: ndalama yapadera, banki mkhonde kapena inshuwaransi?

Chuma chonse cha wodula makiyi chimakwana pa benchi imodzi. Pali makina, pali bolodi la makiyi osadula, pali maloko ochepa ogulitsa, kenako tupa, pulayala ndi masikuludalayiva m'kabokosi. Ubwino wake ndi woti bizinesiyi siifuna nyumba yaikulu. Kuipa kwake ndi koti chilichonse chogwera benchi imeneyo chagwera bizinesi yonse nthawi imodzi. Wogulitsa tomato dengu limodzi likamuolera amagulitsa la mawa. Ife mota ikapsa, tsiku limenelo palibe ngakhale kiyi mmodzi.

Zinthu zimene zimagwetsa wodula makiyi ndi zinayi: makina kufa, matenda, akuba ndi moto. Anthu ambiri amaziika m'thumba limodzi n'kumafunsa kuti chabwino n'chiyani pakati pa kusunga ndalama ndi kugula inshuwaransi. Funsolo lili ndi vuto, chifukwa zinayizi sizifanana. Ziwiri zoyambazo zimabwera kawirikawiri koma zimaluma pang'ono. Ziwiri zomalizazo munthu atha kukalamba osaziona, koma zikabwera zimasesa zonse. Njira yomwe ili bwino pa chimodzi imakhala yopanda pake pa chinzake.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, tiyerekeze munthu wodula makiyi pamsika wa m'tauni. Ziwerengero zonse za munthuyu ndi zongoyerekeza, inu muikepo zanu. Makina ake atati agule atsopano lero ndi K900,000. Makiyi osadula ndi a K250,000, maloko a K150,000, zida za K100,000, ndipo benchi ndi kanyumba kake K100,000. Zonse pamodzi ndi K1,500,000. Patsiku amadula makiyi 12 pa K2,500 mmodzi, ndiye kuti K30,000. Akachotsa mtengo wa makiyi osadula, chiphaso cha msika, magetsi, minibasi ndi nkhomaliro, amatsala ndi K12,000. Pamwezi wa masiku 26 ogwira ntchito ndi K312,000, ndipo kunyumba kumafunika K260,000. Yotsala ndi K52,000, kapena kuti K2,000 patsiku. Nkhani yathu yonse ndi ya K2,000 imeneyi: ipite kuti?

Makina kufa

Makina odulira makiyi safa mwadzidzidzi monga momwe timanenera pomudandaulira mwini nyumba. Amachenjeza. Makasitomala akayamba kubwerera kuti kiyi akulowa koma sakupotoka, kawirikawiri ndi chimodzi mwa ziwiri: mpeni wozungulira uja wabuntha, kapena kamlomo kolondola kiyi wa kasitomala kasuntha. Mpeni wobuntha umasiya zibalobalo m'mphepete mwa mano a kiyi, umalira mokakamira, ndipo dzanja limamva kuti likukankha kwambiri. Umabuntha msanga mukamadula makiyi achitsulo kusiyana ndi a bulasi. Za kamlomo, kuyesa kwake n'kosavuta: mangani makiyi awiri osadula ofanana ndendende, wina mbali ino wina mbali inayo, makina ali ozimitsa. Kamlomo kakakhudza kiyi wake, mpeni nawo uzingopalasa pang'ono kiyi winayo mukauzunguza. Ukapanda kufika kapena ukaluma, makinawo akufuna kuwongola, osati mekaniki.

Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, nthawi zambiri ndi kapasita, kachinthu kotsika mtengo. Lamba akamalira n'kumaterereka, watha. Chowopsa ndi fungo la vanishi wopserera, chifukwa pamenepo mawaya a m'kati mwa mota ndiwo akupsa, ndipo mudzafunika wowayinda. Zimenezi zimakonda kuchitika magetsi akabwera ofooka kapena akabwerera mwamphamvu atathima. Kachipangizo koteteza furiji kaja kamathandiza pa makina ang'onoang'ono, bola muone kuti mphamvu yake ikukwana mota yanu, ndipo chizolowezi chozula pulagi magetsi akangothima sichilira ndalama.

Tsono tiwerenge. Mwa zonsezi chodula kwambiri ndi kuwayinda mota. Tinene K70,000, kuphatikizapo masiku 5 osagwira ntchito omwe ndi K60,000. Yonse K130,000. Pa K2,000 patsiku, munthu wathu afika pamenepo m'masiku 65 ogwira ntchito, miyezi iwiri ndi theka. Ili ndi vuto loti thumba lanu lingalithe.

Nanga inshuwaransi? Ilipo ya makina owonongeka, koma inapangidwira majenereta, zigayo zikuluzikulu ndi makina a m'mafakitale. Imalipira kuwonongeka kwadzidzidzi kosayembekezereka. Siilipira chinthu chomwe chatha chifukwa chogwira ntchito, ndipo zinthu zosinthasintha monga mipeni ndi malamba imazichotseratu m'chikalata. Ndiye taonani: zomwe zimatisowetsa tulo kwambiri, mpeni ndi lamba, ndi zomwezo zomwe sizilipiridwa. Mota yopsa atha kulipira, koma pali gawo loyamba la ndalama lomwe mwini amalipira yekha pa vuto lililonse, lomwe amalitcha ekisesi, ndipo pa K70,000 gawo limenelo likhoza kudya pafupifupi yonse. Onjezeranipo masiku odikira kuti munthu wawo adzaone makinawo musanawatsekule. Pa makina amodzi a pa benchi, ine sindingaipereke ndalama yanga kumeneko.

Pali njira ina imene anthu saiwerengera ngati kusunga, koma m'dziko muno ndi kusunga kwenikweni: kugula zosinthira zisanafunike. Makina, mipeni ndi makiyi osadula zimachokera kunja, ndiye mitengo yake imatsata dola. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali atatsala pang'ono kukwanitsa K600,000 ya makina anadzuka n'kupeza kuti akufunika pafupifupi K864,000. Amene anali ndi mpeni wapadera m'diloo sanataye kanthu. Mpeni, lamba ndi kapasita sizivunda, sizidyedwa ndi anankafumbwe, ndipo mlamu sangabwere kudzazibwereka kuti akalipire sukulu fizi. Malire ake ndi oti mpeni sungagule mankhwala usiku mwana akatentha thupi, ndipo ukagona pa benchi yomweyo udzapsa limodzi ndi makina. Zosinthira zizikhala kunyumba.

Ndalamayo igone kuti?

Ndalama ya pangozi ili ndi ntchito imodzi: ipezeke tsiku lomwelo, yonse, popanda kupempha munthu. Malo aliwonse osungira tiwayese ndi muyezo umenewu.

Ya m'foni, kaya Airtel Money kaya TNM Mpamba, imapambana pa liwiro. Imatuluka Lamlungu, imatuluka usiku, ndipo wowayinda mota mutha kumutumizira muli pa benchi. Kuikamo K2,000 madzulo aliwonse kwa ejenti wapafupi n'kosavuta. Zofooka zake ndi ziwiri. Potapa amadula, ndipo kutapa pang'onopang'ono kumadula kwambiri kusiyana ndi kutapa kamodzi. Chachiwiri ndi choti ili pafupi kwambiri ndi chala chanu. Uthenga wa maliro, mayunitsi a magetsi, kubetcha mpira, zonse zimadutsa pa foni yomweyo. Amene ndawaona akukwanitsa amakhala ndi simu ina yomwe nambala yake saidziwa abale, ndipo simuyo imakhala kunyumba osati m'foni ya kuntchito. Pini musauze munthu woimba foni, ngakhale atanena kuti ndi wa kukampani.

Akaunti ya kubanki kapena ya ku SACCO imachedwa pang'ono, ndipo kuchedwako ndi ubwino pa ndalama yomwe simukufuna kuikhudza. Funsani za ndalama imene amadula mwezi ndi mwezi musanatsekule, chifukwa pa ndalama yochepa zodulazo zimatha kuposa chiwongoladzanja. Ndipo musayembekezere kuti chiwongoladzanjacho chithamangitsana ndi mitengo. Mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi kupitirira 25 peresenti pachaka, pamene akaunti wamba yosungira inkapereka zochepa kwambiri kuyerekeza ndi zimenezo. Ndalama yogona kubanki imachepa mphamvu chaka ndi chaka. Timaivomera choncho chifukwa ntchito yake si kuswana, koma n'chifukwa chakenso siyenera kukula mopitirira. Ku SACCO samalani kusiyanitsa masheya ndi ndalama yosunga wamba. Masheya amakuthandizani kupeza ngongole, koma satuluka lero ndi lero. Akaunti yomanga kwa miyezi ingapo nayo imapereka zochulukirapo, koma mukaithyola nthawi isanakwane phindulo limapita.

Banki mkhonde ndi yomwe anthu amaikonda, ndipo pali zifukwa. Imakukakamiza kuponya sabata iliyonse, anzako amakuona ukalephera, ndipo pogawana, nthawi zambiri mu Disembala, umalandira zoposa zomwe unaika chifukwa cha chiwongoladzanja cha ngongole za mamembala. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama yanu ya ku banki mkhonde siili m'bokosi, ili m'manja mwa anzanu omwe anakongola. Mota ikapsa mu Juni simukatapa ndalama yanu. Mukakongola, pa tsiku la msonkhano, ngati m'bokosi muli kanthu, n'kubweza ndi chiwongoladzanja chomwe magulu ambiri amaika pa 10 kapena 20 peresenti pamwezi. K130,000 ija pa 20 peresenti ndi K26,000 mwezi umodzi wokha, theka la zonse zomwe munthu wathu amatsala nazo. Kathumba ka zadzidzidzi komwe magulu amakhala nako kamathandiza pa chipepeso ndi thiransipoti yopita kuchipatala, osati pa makina.

Pali nyerere ina yomwe anthu saiona mpaka tsiku lake. Ngati gulu lanu ndi la anthu a msika umodzi, moto ukabuka nonse mwapsa limodzi. Onse akufuna ngongole sabata yomweyo, ndipo omwe anakongola kale alibe chobwezera chifukwa katundu yemwe anagula ndi ngongoleyo ndi phulusa. Gulu la kutchalitchi kapena la kumene mumakhala, momwe muli aphunzitsi, osoka ndi ogulitsa malo ena, limapirira bwino pa tsoka la mtundu umenewu kusiyana ndi la anzanu oyandikana nawo mabenchi.

Chipereganyu si cha pangozi konse, chifukwa ngozi siidikira mwezi wanu wolandira. Ndi chabwino pa chinthu chodziwika, monga kugula makina achiwiri. Katapila ndimutchule pongofuna kuti mumudziwe ngati mtengo wa kusakonzeka: ndi kumene munthu wopanda njira zinazi amathera, ndipo chikole chomwe amafuna kwa wodula makiyi ndi makina omwewo.

Matenda

Matenda amabwera ndi mabilu awiri. Yoyamba ndi ya chipatala. Yachiwiri ndi ya masiku omwe benchi yatsekedwa, ndipo kwa ife yachiwiriyi nthawi zambiri ndiyo yaikulu. Kuchipatala cha boma simulipira, ngakhale nthawi zina amakulemberani mankhwala kuti mukagule kufamase. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM ndi zapulayiveti zimalipiritsa. Koma malungo okugonekani masiku 6 adya K72,000 ya munthu wathu ngakhale atapanda kulipira tambala kuchipatala. Dzanja lothyoka pa kabaza, masabata 6 m'chikhakha, ndi masiku 36 ogwira ntchito, K432,000.

Ndondomeko zolipirira chipatala monga za MASM zimayang'ana bilu yoyamba yokha. Mumapereka mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense wa m'banja, pamakhala nthawi yodikira musanayambe kuthandizidwa pa zinthu zina, ndipo matenda omwe munali nawo kale amakhala ndi malamulo akeake. Kwa banja lomwe muli wodwaladwala wofuna dokotala wapadera, ndi chinthu choyenera kukafunsa mtengo wake. Koma lendi ya nyumba sizilipira. Kuli mtundu wina wa inshuwaransi womwe umapereka ndalama yodziwika pa usiku uliwonse womwe mwagonekedwa m'chipatala, ndipo umenewu uli pafupi ndi vuto lathu. Mukaupeza, funsani kuti amayamba kuwerenga pa usiku wachingati, ndipo kumbukirani kuti wa chikhakha uja akudwalira kunyumba, sakugona m'wodi.

Chomwe chimathandiza kwambiri pa bilu yachiwiri si ndalama. Ndi munthu wina wodziwa kudula kiyi, mkazi wanu, mng'ono wanu, kapena mnyamata amene mwamuphunzitsa, woti atha kutsekula benchi inu mutagona. Ngakhale atamadula makiyi osavuta okha n'kupeza theka, masiku 36 aja atsika kuchoka pa K432,000 kufika pa K216,000. Ndipo poti tanena za thupi: magalasi oteteza maso amagulidwa ndi ndalama ya makiyi awiri kapena atatu, pamene kachitsulo kamodzi kolowa m'diso kamatseka benchi sabata yathunthu. Ndimaona anyamata akudula atangotsinzina diso limodzi ngati akuwombera mbalame ndi legeni.

Akuba

Pa akuba, funso loyamba si la ndalama koma la komwe makina amagona. Ena amawanyamula kupita nawo kunyumba, ena amawasiya m'sitolo ya mnzawo ya njerwa n'kumalipira kangachepe pamwezi, ena amangokhoma kanyumba ka matabwa n'kudalira mlonda wa msika. Yankho lanu pamenepa ndi lomwe lidzauze kampani ya inshuwaransi ngati ikulandireni kapena ayi.

Inshuwaransi ya kuba m'malo a bizinesi imalipira pamene wakuba walowa kapena kutuluka mothyola, ndipo payenera kukhala chizindikiro: chitseko chophwanyika, loko wodulidwa, lata lokanganulidwa. Munthu akanyamula bokosi la maloko masana inu mukuyang'ana kumbali, kumeneko si kuthyola. Mnyamata wanu akasowa ndi makina, kumeneko nakonso sikuli m'chikalata chimenechi. Ndipo pali mfundo yotikhudza ife mwapadera: wakuba akatsekula ndi kiyi, popanda chothyoka, makampani ambiri salipira. Inu mukudziwa bwino kuposa wina aliyense kuti kiyi wa loko wotchipa amakopedwa m'mphindi zochepa.

Chikalata chimatchulanso malo. Mukalembetsa kuti katundu ali pa benchi ya pamsika koma wabedwa m'sitolo ya mnzanu kapena pa njinga popita kunyumba, ali kunja kwa pangano. Wonyamula makina tsiku ndi tsiku afunse za inshuwaransi yotsata chinthucho kulikonse komwe chili, ndipo malo onse awiri alembedwe. Zikachitika, adzafuna lipoti la apolisi, lisiti yogulira makina ndi nambala yomwe ili pa kachitsulo ka pa mota. Jambulani zonsezi lero, zithunzizo muzitumizenso pa foni ya munthu wina.

Kwa wa kanyumba ka matabwa, ndalama yolipira malo ogoneka makina m'nyumba ya njerwa imagula chitetezo chochuluka kusiyana ndi ndalama yomweyo itapita ku inshuwaransi yomwe mwina sangamugulitse n'komwe.

Moto

Apa ndiye pamene thumba lanu limagonja. Misika ya ku Lilongwe ndi ku Mzuzu yapsapo kangapo, ndipo aliyense amene anaonapo momwe mabenchi amathinanirana, matabwa, mapepala apulasitiki, mbaula za ophika ndi mawaya a magetsi olumikiza mwachisawawa, sadabwa. Moto wa pamsika umakonda usiku, eni katundu ali kunyumba. Kusamala kwanu sikukwanira, chifukwa umayambira kwa wina.

Munthu wathu kuti asunge K1,500,000 pa K52,000 pamwezi afunika pafupifupi miyezi 29, osadwala, mota osapsa, kwacha osagwa. Ndipo pofika mwezi wa 29 katunduyo sadzakhalanso K1,500,000. Inshuwaransi inapangidwira zinthu zoterezi: anthu ambiri amapereka pang'ono, ochepa omwe apsa chaka chimenecho n'kulandira zambiri. Tiyerekeze kuti kampani yati 2 peresenti pachaka. Ndi K30,000, ndalama ya masiku 15 osunga, ndipo chitetezo chimayamba tsiku lomwe mwalipira osati patatha miyezi 29. Mtengo weniweni adzakuuzani okha, ndipo dziwani kuti makampani amakhala ndi mtengo wotsikitsitsa womwe satsika pansi pake ngakhale katundu achepe bwanji, komanso pamwamba pake pamabwera misonkho.

Vuto loyamba n'loti akulandireni. Makampani monga NICO General, Britam, General Alliance ndi Reunion amagulitsa inshuwaransi ya moto, ndipo kampani iliyonse ya inshuwaransi imayang'ana kamangidwe ka malo: njerwa ndi malata ndi nkhani ina, matabwa pakati pa matabwa ena ndi nkhani inanso. Wodula makiyi wa pakhonde la sitolo ya njerwa kapena m'kachipinda ka lendi ali ndi mwayi wabwino. Wa pakati pa msika atha kukanidwa kapena kupatsidwa mtengo wokwera. Ngati makina amagona m'sitolo ya mnzanu, musaganize kuti inshuwaransi yake ikuphimbani. Imaphimba katundu wake, pokhapokha wanu atalembedwamo.

Mukalandiridwa, pali misampha itatu, ndipo yonse ndi ya masamu. Woyamba ndi kulembetsa mtengo wochepa pofuna kulipira pang'ono. Tinene munthu wathu walembetsa K900,000 pamene katundu ndi wa K1,500,000. Waphimba 60 peresenti yokha, ndipo kampani imamutenga kuti 40 peresenti yotsalayo wadziphimba yekha. Moto ukawononga katundu wa K1,000,000, salandira K900,000. Alandira 60 peresenti ya K1,000,000, yomwe ndi K600,000. Akachotsapo ekisesi, tinene 10 peresenti, yatsala K540,000. Chopweteka n'choti msampha umenewu umagwira ngakhale munthu woona mtima. Analembetsa mtengo wolondola mu Januwale, kwacha n'kugwa mu Novembala, katundu n'kukwera, iye n'kukhala wolembetsa mochepa osadziwa. Mitengo ikadumpha, pitani mukakweze chiwerengerocho, osadikira chaka chithe.

Wachiwiri ndi kusiyana kwa mtengo wa chatsopano ndi wa chakale. Inshuwaransi wamba imakubwezerani pomwe munali moto usanabuke, ndiye makina a zaka zisanu amawawerengera ngati a zaka zisanu, mwina K500,000, pamene m'sitolo atsopano ali K900,000. Kuti akupatseni wa atsopano, ziyenera kulembedwa m'chikalata, ndipo inu mulembetse pa mtengo wa atsopanowo. Funsani funsoli mwachindunji: makina anga akapsa, mudzandipatsa ndalama yogulira atsopano kapena ya akale? Yankho akuonetseni papepala.

Wachitatu ndi umboni wa katundu. Makina opserera amaoneka, koma makiyi osadula a K250,000 ndi maloko mudzawatsimikizira bwanji? Kabuku kolembamo zomwe mwaoda, malisiti, ndi chithunzi cha bolodi mwezi uliwonse ndi zomwe zidzakuyankhulireni, ndipo kabukuko kasagone pa benchi. Dziwaninso kuti mota yopsa yokha chifukwa cha magetsi ake si moto m'chiyankhulo cha inshuwaransi, ndiponso kuti inshuwaransi ya moto imalipira katundu, osati masabata omwe mwakhala mukudikira kuti msika umangidwenso kapena kuti ndalama ituluke. Masabata amenewo mudzadya za m'thumba lanu lomwe lija.

Ogulitsa inshuwaransi ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko n'komwe mungakadandaule mukasemphana ndi kampani. Mukagula kudzera kwa ejenti kapena buloka, musachoke ndi lisiti yolemba pamanja yokha. Mulandire chikalata cha kampaniyo chokhala ndi nambala, kenako muimbire kampaniyo mutsimikize kuti ndalama yanu inafika. Ndinaonapo mnzathu wina akugwedeza lisiti pa kauntala atabedwa, kumuuza kuti dzina lake mulibe m'mabuku awo.

K52,000 ija tiigawe

Ndikanakhala munthu wathuyu, miyezi itatu yoyamba sindikanaigawa konse. Yonse, K156,000, ikanapita pa simu yobisika ija, chifukwa mota ndi malungo ndi zomwe zili pafupi kubwera. Ya mwezi wachinayi ndi wachisanu ndikanagula mpeni, lamba ndi kapasita, n'kukaziika kunyumba. M'miyezi yomweyi ndikanayenda m'makampani awiri kapena atatu ndi zithunzi za malo anga n'kupempha mtengo wolemba wa inshuwaransi ya moto, ndi wa kuba ngati makina amagona m'nyumba ya njerwa. Kufunsa sikulipiritsa. Mtengo wa moto ukakhala wosapitirira ndalama yosunga ya mwezi umodzi, ndikanalipira osachedwa, ngakhale zosinthira zidikire.

Kuyambira pamenepo theka lizipita kubanki kapena ku SACCO mpaka ndalama yonse yotapika itakwana zofunika za kunyumba za miyezi iwiri, K520,000, ndipo theka linalo ku banki mkhonde ya anthu osagulitsa msika umodzi ndi ine. Ya mu Disembala ndiyo yogulira makina achiwiri, ngakhale akale. Akandikana inshuwaransi chifukwa cha matabwa, makina achiwiriwo amasanduka chinthu choyamba osati chomaliza, ndipo amagona kunyumba limodzi ndi theka la makiyi osadula. Moto ukadutsa pamsika usiku, m'mawa mwake munthu wathu wataya makina amodzi, benchi, maloko, zida ndi makiyi a K125,000, koma atha kuyala tebulo pakhonde la sitolo ina n'kudula kiyi woyamba isanakwane 10 koloko.